Tsamba la 9

Lekichara ananeneratu kuti asayimenti ikhale italowa m'bokosi la ku dipatimenti isanakwane 4 koloko, ndipo ya pa imelo salandira. Tadala anamaliza kulemba 2:50, laputopu yobwereka ili pamwamba pa ndowa m'kachipinda kake ku Chikanda. Anaika ntchitoyo mu fulashi, n'kutola mapepala oyera amene ankasunga pansi pa matiresi. Ukabwera ndi mapepala ako, a Mbewe a pa kontena amakuchotserako mtengo.

"Ankolo, masamba 12 okha. Chonde mwachangu."

"Nonsenu mumabwera moto uli kumsana," anatero a Mbewe, akulowetsa mapepala aja m'thireyi.

Masamba asanu ndi atatu anatuluka bwinobwino, ofunda ngati zitumbuwa. La 9 linangosuzumira, pulinta n'kulira khwee, n'kuti zii. Kanyali kofiira kanayamba kuphethira, pa kasikirini pakuoneka mawu akuti Paper Jam.

A Mbewe anazula tona n'kuiika pa nyuzipepala, kenaka anatsegula kachitseko ka kumbuyo. Pepala linali litakwinyika ngati chitenje chogonera. Atalikoka linang'ambika, chidutswa n'kutsalira pa chogudubuza chotentha chimene chimamatitsa inki pa pepala.

"Apa pazizire kaye, mwanangu. Ndinapsapo chaka chatha."

Nthawi inali 3:22. Tadala anathamangira ku kontena ina kutsidya kwa msewu, koma anapeza mzere wa anthu 11, ambiri a m'kalasi mwake momwe, aliyense fulashi m'manja, nkhope ili gwa. Palibe anamuyang'ana. Anabwerera thukuta lili kamukamu.

"Tandibwereke kapini ka m'tsitsiko."

Bamboyo anakawongola ndi mano, n'kuyamba kutokosa pang'onopang'ono, lilime lili kunja. Chidutswa chinatuluka, ndipo pakona pake panalendewera kawaya ka sitepula. A Mbewe anakakweza m'mwamba osanena kanthu. Tadala anazyolika. Mapepala aja anawathothola kumapeto kwa manotsi akale a mnzake, ndipo ankayesa kuti mawaya onse anawachotsa.

Masamba anayi otsalawo anatuluka pa mapepala a a Mbewe.

"Ndalama yanga siikwana, ankolo."

"Siya chiphaso. Thamanga!"

Wakabaza anapalasa choimirira mpaka pa geti, Tadala akusanja masamba pamsana pake. Anakwera masitepe awiriawiri, n'kupeza amayi a sekilitale atanyamula kale bokosi.

"Amayi, pepani, imodzi yokha!"

Amayiwo anayang'ana wotchi ya pakhoma, anayang'ananso phazi la Tadala limene linalibe silipasi, n'kupendeketsa bokosi kuti aponyemo.

Dzuwa likulowa kuseri kwa phiri la Zomba, Tadala anafikanso pa kontena ndi ndalama yokongola kwa mnzake wogona naye chipinda. Chiphaso chake chinali pa kauntala, ndipo kawaya kaja a Mbewe anali atakamata ndi selotepi pamphumi pa chithunzi chake.