Mawu a msungichuma kwa mamembala a gulu lathu la maliro

Zikomo a Tcheyamani, amayi ndi abambo.

Ndalama zathu zonse tinabwereketsa kwa ogulitsa usipa. Mwera utawomba m'Julayi, mabwato anakhala pagombe, ndipo maliro awiri atagwa sabata imodzi bokosi tinachita kukongola. Manyazi ake sindinaiwale.

Kusunga m'thumba nakonso n'kutaya: kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama yogula matabwa khumi inayamba kugula ochepa.

Ndiye tigawe. Ina ikhale kubanki ku boma, yoti titape ngakhale mawa m'mawa. Ina tigule chimanga pokolola, poti pamaliro timaphika ndithu. Ina tigule mbuzi zingapo zoti tizigulitsa pa Idi. Yotsalayo tibwereketse, koma osati kwa a nsomba okhaokha.

Amene akutsutsa aimike dzanja tikambirane.