Ndondomeko ya masiku atatu yonyamula zitsulo pakhomo

Alamu, madambelo aja, zitsulo zonyamula m'manja polimbitsa thupi, ndinawaona Lamulungu pakhonde panu ku Matawale. Lililonse likufika makilogalamu 10 mukamangirira mbale zonse, ndipo akukwanirani kwa miyezi ingapo. Pempho langa ndi limodzi: masabata awiri oyamba musamangirire mbale zonse. Yambani ndi makilogalamu 4 kapena 5 dzanja lililonse, ngakhale muziona ngati zapepuka. Minofu imazolowera msanga, koma mitsempha ya m'mawondo, m'mapewa ndi m'zigongono imatsalira m'mbuyo, ndipo ndi imene imavulala munthu akapupuluma.

Masiku ake ndi Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu, mphindi 40 zokha. Tsiku lapakatilo ndi lopuma, chifukwa minofu imakula pamene ikupuma. A bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO amati munthu wamkulu azilimbitsa minofu masiku awiri kapena kuposerapo pa sabata, ndiye atatuwa ndi okwanira ndithu. Ndi kutentha kwa Okutobala kuno, ndi bwino kuyamba 5:30 m'mawa musanasambe zopita ku ntchito.

Ndikalemba kuti “maseti 3 a ka 10”, ndiye kuti mukweza ndi kutsitsa ka 10, mupuma mphindi imodzi kapena imodzi ndi theka, kenako mubwereza mpaka katatu. Seti iliyonse izitha mukumva kuti mukanatha kuwonjezera kawiri. Tulutsani mpweya pokweza, kokani potsitsa, osaumanga m'chifuwa. Musanagwire chitsulo, tenthetsani thupi mphindi 5: kuguba pamalo amodzi, kuzunguza mikono, kunyonyomala ka 10 opanda katundu.

LOLEMBA

Sikwati, maseti 3 a ka 10. Gwirani dambelo limodzi ndi manja awiri pachifuwa, ngati mwafungatira chikho. Mapazi atalikirane kuposa mapewa pang'ono, zala ziloze kunja pang'ono. Tsikani ngati mukukhala pa mpando wa ndalema wamfupi, zidendene zisanyamuke, mawondo atsate kumene zala zaloza. Zikavuta, ikani mpando kumbuyo, muziukhudza ndi matako n'kudzuka.

Kukankha chogona, maseti 3 a ka 10. Yalani mphasa, gonani chagada, mawondo opinda. Kankhirani madambelo awiri m'mwamba kuchokera pachifuwa, ndipo potsitsa zigongono zikhudze pansi mwaulemu, osamenyetsa pa simenti.

Kukoka ndi dzanja limodzi, maseti 3 a ka 10 mbali iliyonse. Tsamirani dzanja lamanzere pa mpando wolimba, msana wowongoka, kokerani dambelo chakuchiuno ndi lamanja. Kenako sinthani.

Malizani ndi pulanki: chafufumimba, thupi lakhazikika pa zigongono ndi zala zakumapazi, lowongoka ngati thabwa. Masekondi 20, katatu.

LACHITATU

Tsiku limeneli liwerengeni kawiri, chifukwa pali kuwerama ndi zitsulo, maseti 3 a ka 10. Apa ndi pamene ambiri amapwetekera msana, komanso ndi pamene msana umalimbira munthu akachita bwino. Imani ndi madambelo awiri patsogolo pa ntchafu, mawondo ofewa pang'ono. Musaganize zotsitsa zitsulo. Ganizani zokankhira matako kumbuyo, ngati mukutseka chitseko manja onse ali ndi katundu. Zitsulo zizitsetsereka motsatira ntchafu mpaka kungodutsa mawondo. Mukamva kukoka kuseri kwa ntchafu, mwafika. Finyani matako n'kuimirira. Ngati kukokako mukukumva m'munsi mwa msana, ndiye kuti msana wapindika. Ikani zitsulo pansi, tengani mpini wa khasu, muugoneke kumsana ukhudze nkhongo, pakati pa mapewa ndi pamwamba pa matako. Weramani mpiniwo osachoka pa malo atatuwo. Sabata yoyamba yonse mutha kuchita ndi mpini wokhawo, sikutaya nthawi. Mukadziwa kuwerama kumeneku, ngakhale ndowa ya malita 20, yomwe madzi ake okha amalemera makilogalamu 20, muzidzainyamula msana uli phee.

Kukankhira m'mwamba mutaima, maseti 3 a ka 8. Madambelo ayambire pamapewa. Mangani mimba kuti chiuno chisapotokere kutsogolo. Mapewa ndi aang'ono, choncho chotsani mbale, makilogalamu 3 kapena 4 ayamba bwino.

Kuponya mwendo kumbuyo, maseti 2 a ka 8 mwendo uliwonse. Pondani kumbuyo, bondo litsike pafupi ndi pansi, bwererani. Mukamadzandira, siyani zitsulo, gwirani khoma.

Kukoka ndi manja awiri mutawerama, maseti 3 a ka 10. Mukafuna, onjezerani kupinda mikono kwa akatumba, maseti 2 a ka 12. Ndikudziwa kuti zimenezi ndi zomwe anyamata amathamangira, koma zikhale kumapeto.

LACHISANU

Kukwera pa sitepe ya khonde lanu ija zitsulo zili m'manja, maseti 3 a ka 10 mwendo uliwonse. Phazi lonse liponde pa sitepe, ndipo mwendo wapamwambawo ndiwo ukukwezeni, osadumphira ndi wapansi.

Mapushapu, maseti 3. Ngati apansi sakufika 8, ikani manja pamphepete pa tebulo lolimba lotsamira khoma.

Kukweza chiuno chogona chagada, dambelo lili pa chiuno, maseti 3 a ka 12. Pindani chitenje muyale pansi pa chitsulo kuti chisakudinde.

Bwerezani kukoka ndi dzanja limodzi kwa Lolemba kuja. Pomaliza nyamulani madambelo onse awiri, olemera kuposa masiku ena, muyende kuchokera pakhonde mpaka pageti n'kubwerera kwa masekondi 30, katatu, mapewa m'mbuyo, mutu m'mwamba.

Gulani kope la ana asukulu, muzilemba tsiku, kulemera kwa zitsulo ndi kuchuluka kwa zomwe mwakwanitsa. Popanda kope mudzangozungulira pamalo amodzi. Sabata iliyonse onjezerani kamodzi kapena kawiri pa seti. Pamene panali 10 pakafika 12 m'maseti onse osapindika msana, mangirirani mbale yaing'ono n'kubwerera pa 8. Miyendo idzayamba kupeputsa makilogalamu 10. Zikadzatero, muzitsika pang'onopang'ono powerenga mpaka 3, muime pansipo sekondi imodzi, kenako mudzuke.

Masiku oyamba ntchafu zidzawawa, makamaka tsiku lachiwiri mutachita sikwati, mpaka kukwera minibasi kukhala ntchito. Zimenezo zimatha zokha, ndipo kuyenda kumathandiza. Koma ululu wobaya m'bondo, m'phewa kapena mumsana si wopirira, lekani pomwepo. Chizungulire, kubanika kapena kupweteka pachifuwa ndi nkhani ya kuchipatala tsiku lomwelo. Paja munati kunyumba kwanu kuli vuto la kuthamanga kwa magazi, choncho kayezetseni musanayambe Lolemba.

Za maufa okulitsa minofu a m'zitini iwalani. Nsima muzidya monga mwa masiku onse, koma ndiwo zichuluke: nyemba, nandolo, soya, usipa, matemba a ku Chilwa, nkhwani wotendera. Mazira awiri owiritsa m'mawa akupatsani pafupifupi magalamu 12 a zomanga thupi. Madzi akhale pafupi, ndipo tulo tisachepere maola 7.

Loweruka ndidzabwera cha m'ma 6 koloko kuti ndione mmene mukuweramira ndi mpini uja, kenako tidzayende msewu wokwera ku Chawe mpaka pomwe miyendo yanu ilole. Kope lija mudzalitenge.