Za ine: wolondolera alendo pa Phiri la Mulanje

Anzanga akuti ndilembe mawu ochepa onena za ine. Kudzitama sindikutha, ndiye ndingotchula zimene ndagwira.

Kwathu ndi ku Likhubula. Ndinayamba kukwera phiri mu 2009 ngati wonyamula katundu wa alendo, ndipo patatha zaka zisanu akuluakulu anandilola kuti ndizitsogolera. Njira za ku Chambe, Lichenya ndi Thuchila ndimazidziwa bwino. Pa Sapitwa, pamene ndi potalika mamita 3,002, ndafikapo kambirimbiri, koma chiperoni chikatsika ndimawabweza anthu ngakhale anyinyirike chotani. Mpaka lero palibe amene anasochera ali m'manja mwanga.

Pa liwiro ndiye ayi, achinyamata a m'gulu lathu amandisiya kutali. Chimene ndimatha ndi kuyenda ndi munthu wotopa. Ndimaona mmene akupondera, ndikazindikira kuti mawondo ayamba kunjenjemera ndimaima n'kuyamba kufotokoza za mkungudza, kuti apume popanda kuchita manyazi. Mayi wina wa zaka 64 tinafika naye ku Chambe dzuwa likulowa, ndodo ili m'manja, akuseka.

Ndimalankhula Chichewa ndi Chingerezi, Chilomwe pang'ono chabe. Ndinaphunziranso chithandizo choyamba. Nyengo ya mvula alendo akachepa ndimakhala ku nazale, kusamalira mbande za mkungudza.

Ngati mukukwera koyamba ndipo muli ndi mantha, ndifunseni ku Likhubula. Tidzanyamuka m'mamawa, tiziyenda pang'onopang'ono.