Debiti ndi Kirediti: Phunziro Loyamba kwa Ophunzira Atsopano a Zamalonda

Mlungu uno tiyamba ndi mawu awiri amene mudzakhala mukuwalemba tsiku ndi tsiku mpaka mudzamalize maphunziro anu. Pa pepala la mayeso ndi pa kompyuta mudzawaona atalembedwa kuti Debit ndi Credit, mwachidule Dr ndi Cr. Ife m'kalasi muno tiziti debiti ndi kirediti. Ambiri mwa inu mwabwera muli nalo kale tanthauzo lake m'mutu, lochokera ku mauthenga a ku banki, loti kirediti ndi ndalama zikalowa ndipo debiti ndi ndalama zikatuluka. Tanthauzo limenelo lisiyeni kaye pakhomo. Tilitenganso kumapeto, mudzaona chifukwa chake limakusokonezani.

M'mabuku a bizinesi, debiti ndi mbali ya kumanzere ya akaunti, kirediti ndi mbali ya kumanja. Palibe mbali yabwino kapena yoipa. Akaunti ndi tsamba limene timalembapo nkhani ya chinthu chimodzi chokha, monga ndalama za ku banki, lendi, kapena kasitomala mmodzi. Tsambalo timaligawa pakati ndi mzere, n'kumaoneka ngati chilembo cha T. Buku losunga maakaunti onse limatchedwa leja.

Mawuwa anachokera ku Chilatini. Debiti ndi wachibale wa mawu otanthauza kukhala ndi ngongole, kirediti ndi wachibale wa mawu otanthauza kukhulupirira munthu. Pa Chichewa tili ndi mawu awiri ogwirizana nawo bwino: wokongola ndi wokongoza. Wokongola, sindikunena wa nkhope yosalala ayi, ndi amene watenga chinthu koma sanalipire, ndipo pa Chingerezi amalembedwa Debtor. Wokongoza ndi amene wapereka chinthu n'kumadikira malipiro, ndiye Creditor. Amalonda a ku Italy, m'mizinda ngati Genoa ndi Venice, ankalemba kale motere m'zaka za m'ma 1300, ndipo mu 1494 Luca Pacioli anafotokoza njirayi m'buku la masamu limene linasindikizidwa ku Venice. Iye sanaiyambitse, anangolemba mwadongosolo zimene amalonda ankachita. Mwa wokongola ndi wokongoza muja mukutuluka lamulo losavuta kuligwira: akaunti imene yalandira ilembedwe debiti, akaunti imene yapereka ilembedwe kirediti.

N'chifukwa chiyani timalemba kawiri? Chifukwa ndalama sizimera pansi ndipo sizisungunuka. Chilichonse chochitika pa bizinesi chili ndi kumene chachokera ndi kumene chapita. Wolemba kamodzi amangoti "ndawononga 250,000" n'kutseka buku. Wolemba kawiri amayankha mafunso onse awiri: zatuluka mu akaunti iti, ndipo zakalowa mu iti? Ndalama imene mwalemba kumanzere iyenera kufanana ndendende ndi imene mwalemba kumanja.

Tiyeni titsatire mayi wina amene watsegula bizinesi yokonza mafoni. Tsiku loyamba watenga 800,000 za m'thumba mwake n'kuziika ku akaunti ya ku banki ya bizinesiyo. Apa pakufunika kusamala, chifukwa mabuku amene tikulembawa ndi a bizinesi, si a mayiyo. Kwa ife olemba, bizinesi ndi mwini wake ndi anthu awiri osiyana. Akaunti ya Banki yalandira, choncho debiti 800,000. Wapereka ndi mwini, ndipo akaunti yake timaitcha Mpamba, pa Chingerezi Capital. Kirediti Mpamba 800,000. Mpamba umakhala kumanja pamodzi ndi ngongole chifukwa bizinesi ili ngati yakongola ndalamazo kwa mwini wake.

Mawa lake wagula zipangizo zokonzera mafoni za 250,000, walipira kudzera ku banki. Debiti Zipangizo, kirediti Banki. Bizinesi sinasauke pamenepa. Chuma chake chikadali 800,000, kungoti china chasanduka zipangizo. Kenako kalipentala wamukhomera tebulo ndi mashelefu a 120,000 pa ngongole. Palibe ndalama imene yasuntha, koma tilembabe: debiti Mipando ndi Matebulo 120,000, kirediti Kalipentala 120,000. Kalipentala ndiye wokongoza wathu.

Zochitika zitatuzi zikutionetsa msana wa phunziro lonseli, umene mudzaupeza m'mabuku utalembedwa chonchi:

```
Assets = Liabilities + Capital
```

Pa Chichewa tingati chuma cha bizinesi chimafanana ndi ngongole zake kuphatikiza mpamba. Chuma ndi zonse zimene bizinesi ili nazo: ndalama, zipangizo, katundu, ngakhalenso ndalama zimene makasitomala sanalipire. Mbali inayo ikutiuza eni ake a chumacho, kuti gawo lina ndi la okongoza, lotsala ndi la mwini. Werengani nokha. Ku banki kwatsala 550,000, zipangizo 250,000, matebulo 120,000, zonse pamodzi 920,000. Ngongole 120,000 ndi mpamba 800,000 zikupanganso 920,000. Chuma chili kumanzere kwa chizindikiro cha = chija, ndiye chikamakula chimalembedwa debiti. Ngongole ndi mpamba zili kumanja, zikamakula zimalembedwa kirediti. Chilichonse chikamachepa chimalembedwa mbali inayo.

Tsopano tafika pamene ambiri amapunthwa. Mayi uja walipira lendi ya mwezi, 60,000. Kirediti Banki, izi n'zosavuta. Koma debiti ipita ku akaunti ya Lendi, ndipo chaka chilichonse pamapezeka wina wokweza mkono n'kufunsa kuti, "Aphunzitsi, lendi ndi ndalama yopita, ikukhala bwanji mbali imodzi ndi chuma?" Funsoli ndi lanzeru. Zolipira poyendetsa bizinesi, zimene pa Chingerezi ndi Expenses, zimadya mpamba wa mwini. Mpamba umakula ndi kirediti, ndiye chimene chikuuchepetsa chiyenera kukhala debiti. Tikanatha kulemba lendi, magetsi ndi malipiro a antchito molunjika kumanzere kwa akaunti ya Mpamba, koma pakutha pa chaka sitikanadziwa kuti chatidya kwambiri n'chiyani. N'chifukwa chake chilichonse timachipatsa tsamba lake. Zopeza za bizinesi, Income kapena Revenue, zimanenepetsa mpamba, choncho zimalembedwa kirediti.

Kampani ina yabweretsa mafoni a antchito ake, mayiyo wakonza, mtengo wa ntchito ndi 90,000, koma alipira pambuyo. Debiti akaunti ya kampaniyo, chifukwa yalandira ntchito ndipo tsopano ndi wokongola wathu. Kirediti Zopeza 90,000. Timalemba tsiku limene ntchito yagwiridwa, osadikira tsiku la malipiro. Patapita milungu iwiri kampaniyo yatumiza 50,000. Debiti Banki, kirediti kampaniyo. Chonde musalembenso kirediti ku Zopeza, mukatero mwawerenga ntchito imodzi kawiri ndipo phindu lanu likhala labodza. Cholakwika chimenechi ndachichonga ndi cholembera chofiira kambirimbiri.

Chomaliza, mayiyo watapa 30,000 kukagwiritsa ntchito kunyumba. Izi si zolipira za bizinesi ndipo sizikhudza phindu. Zili ndi akaunti yakeyake, Zotapa za Mwini, pa Chingerezi Drawings. Debiti Zotapa, kirediti Banki. Akaunti ya Banki tsopano ikuoneka chonchi:

```
Dr             Banki             Cr
Mpamba   800,000 | Zipangizo 250,000
Kampani   50,000 | Lendi      60,000
                 | Zotapa     30,000
```

Taonani kuti mzere uliwonse ukutchula akaunti inzake, kumene kuli theka lina la nkhaniyo. Munthu wofufuza mabuku amayenda ndi mayina amenewa ngati mapazi. Kumanzere kuli 850,000, kumanja 340,000, kusiyana kwake 510,000. Imeneyi ndiyo balansi, ndipo poti mbali yolemera ndi ya kumanzere timati ndi balansi ya debiti.

Mukatseka akaunti iliyonse motero, mumasonkhanitsa mabalansi onse pa tsamba limodzi lotchedwa tirayo balansi, kutanthauza kuyesa ngati mbali ziwirizi zikufanana. Kumanzere kubwera Banki 510,000, Zipangizo 250,000, Mipando ndi Matebulo 120,000, Lendi 60,000, kampani ija 40,000 ndi Zotapa 30,000, zonse 1,010,000. Kumanja kubwera Mpamba 800,000, Kalipentala 120,000 ndi Zopeza 90,000, zonse 1,010,000. Zagwirizana. Phindu la mweziwo ndi zopeza kuchotsa lendi, 30,000 basi, ngakhale ku banki kuli 510,000. Ndalama za ku banki ndi phindu ndi zinthu ziwiri, ndipo mabizinesi ambiri agwa chifukwa eni ake ankaziona ngati chimodzi.

Zikakana kugwirizana musayambe kufufuta chilichonse. Pezani kaye kusiyana kwake, muone ngati pali chochitika cha ndalama yomweyo chimene mwachilemba mbali imodzi yokha. Ngati palibe, gawani kusiyanako pawiri. Mukaika Zotapa za 30,000 kumanja m'malo mwa kumanzere, kusiyana kumakhala 60,000, chifukwa mbali ina yaperewera ndipo ina yachulukira. Ngati kusiyanako kukugawika ndi 9 popanda chotsala, kawirikawiri ndiye kuti mwasinthanitsa manambala, monga kulemba 520,000 m'malo mwa 250,000, zimene zimasiya 270,000.

Koma musamaikhulupirire kwambiri tirayo balansi. Imangokuuzani kuti kumanzere ndi kumanja n'zofanana, siikuuzani kuti mwalemba zoona. Mukaiwala ngongole ya kalipentala mbali zonse ziwiri, igwirizanabe. Mukalemba malipiro a kasitomala uyu pa akaunti ya kasitomala wina, igwirizanabe, mpaka tsiku limene mudzapite kukalonjerera ngongole kwa munthu amene analipira kale. Mukalemba zipangizo ngati zolipira za mwezi, igwirizanabe, koma phindu lidzaoneka ngati kuluza kwakukulu.

Tibwerere ku uthenga wa ku banki uja. Mukasungitsa ndalama, banki imakuuzani kuti akaunti yanu yalembedwa kirediti. Sikuti banki ikulakwitsa kapena ili ndi malamulo ena. Ikukuwerengerani zimene zili m'mabuku ake. Kwa iyo, ndalama zanu ndi ngongole, inu ndinu wokongoza, ndipo ngongole ikamakula imalembedwa kumanja. M'mabuku anu ndalama zomwezo ndi chuma, choncho ndi debiti. Ndiye mukalandira sitetimenti ya ku banki muziiwerenga modziwa kuti mbali zake ndi zotembenuka poyerekeza ndi leja yanu.

Ntchito yokachita ndi iyi. Tsegulani maakaunti onse asanu ndi anayi a mayi uja pa mapepala anu, kenako muwonjezere zochitika zitatu za mwezi wachiwiri: walipira kalipentala 70,000 kudzera ku banki, wakongola 200,000 ku banki ina ndipo zalowa mu akaunti ya bizinesi, komanso wakonza mafoni a 45,000 amene eni ake alipira pompo ndi ndalama za m'manja. Chachiwiricho ndi chachitatucho zikufuna maakaunti atsopano, muganize nokha mayina ake. Pa chochitika chilichonse, musanalembe nambala, lembani kaye chiganizo chimodzi cha Chichewa chonena akaunti imene yalandira ndi imene yapereka. Mubweretse tirayo balansi yanu Lachinayi m'mawa, yolembedwa ndi pensulo.