Mutu wa Tadala: sewero la pa wailesi

Ochita sewero: NAMBEWE, mayi wa ana awiri, YOHANE, mwamuna wake, msodzi, AGOGO ANAPHIRI, amayi ake a Nambewe, A MWALE, mlangizi wa zaumoyo, CHIKONDI, mtsikana wa zaka 7, NAMWINO.

GAWO LOYAMBA

(Mudzi wina kufupi ndi Lifuwu, ku Salima. Mafunde akumveka chapatali. Khanda likulira mosalekeza. Belu la njinga.)

A MWALE: Odi kuno!

AGOGO: (monong'ona) Mufunditse chitenje, lowa naye m'nyumba. (mokweza) Eee, fikani! Kulibe anthu, apita kudimba.

A MWALE: Nanga akulirayo ndani, agogo? Tadala sanaoneke kusikelo miyezi iwiri tsopano. Ndati ndidzamuone.

NAMBEWE: Ndilipo, a Mwale. Amayi, ndatopa nako kubisala. Muoneni mwanayu.

(Chete. Khanda likusisima.)

A MWALE: Bwera kuno, mama. Munayamba liti kuona kuti mutu ukukula?

NAMBEWE: Atangotha mwezi. Anadwala ali ndi milungu iwiri, thupi moto, kukomoka. Atachira ndi pomwe zipewa zinayamba kumuthina. Pano akangoyamwa akusanza.

A MWALE: Gwirani tepiyi apa pamphumi. Masentimita 49. Mwana wa miyezi inayi amakhala cha m'ma 41 kapena 42. Taonani liwombo lafufuma, mitsempha yaonekera, maso akungoyang'ana pansi.

AGOGO: Liwombolo tinamata kale mankhwala. Koma izi si za kuchipatala. Funsani bambo ake kuti injini ya boti anaigula ndi chiyani. Mwana kubadwa Malichi, injini kubwera Epulo! Mudzi wonse ukudziwa.

NAMBEWE: Amayi!

A MWALE: Agogo, matendawa ali ndi dzina, haidirosefalasi, ena amangoti madzi m'mutu. Tonsefe tili ndi madzi mu ubongo, inu ndi ine. Amapangidwa tsiku lililonse, nayenda, nalowerera m'magazi. Zili ngati ngalande za kumpunga kuja: ngalande ikatsekeka, madzi amadzadza munda. Matenda anamugwira ali wakhanda aja amatha kutseka njirayo. Ana ena amabadwa njira ili yotsekeka kale. Poti mafupa a mutu wa khanda sanagwirane, mutu umakula.

NAMBEWE: Ndiye kuti afa?

A MWALE: Akangokhala m'nyumba muno, madziwo apitiriza kupanikiza ubongo, akhoza kusiya kuona, ngakhale kutisiya kumene. Koma chithandizo chilipo. Mawa mulawire ku chipatala cha boma ku Salima, akakulemberani kalata ya ku Lilongwe, ku Kamuzu Central.

GAWO LACHIWIRI

(Usiku. Nkhululu. Chitseko cha nsungwi chikutseguka.)

NAMBEWE: Bambo a Chikondi, masiku anayi mukugona kudoko. Nsima ili apo.

YOHANE: Ndidye bwanji pamudzi pomwe akunditcha mfiti? Dzulo anyamata awiri akana kukwera boti langa. Akuti ndinakhwimira mwana. Injini ija ndi ya ngongole, iwe ukudziwa, ndikubweza ndi usipa mpaka lero.

NAMBEWE: Ndikudziwa. Koma chiyambireni kukula mutu simunamunyamulepo.

YOHANE: (patapita kanthawi) Ndimaopa. Ndikamuyang'ana ndimaona ngati ndikamugwira ndimupweteka. Kenaka ndimayamba kudzifunsa kuti kapena ndinalakwadi penapake.

NAMBEWE: A Mwale akuti palibe analakwa. Tengani. Dzanja limodzi kunkhongo, linalo kumatako. Mutuwo ngolemera, khosi lake silingathe lokha.

(Khanda likulira pang'ono, kenaka likutonthola.)

YOHANE: Wandigwira chala.

NAMBEWE: Mawa ndikupita naye. Ndalama ya kabaza ndi minibasi ndilibe.

YOHANE: Ndigulitsa ukonde waung'ono uja m'mamawa. Tipitira limodzi.

GAWO LACHITATU

(M'chipatala ku Lilongwe, patatha milungu itatu. Mawilo a bedi, ana akulira patali.)

NAMWINO: Opaleshoni yayenda bwino, mayi. Bweretsani chala. Mwakamva kotupa kuseri kwa khutu? Ndi shanti imeneyo, kapaipi kofewa kochokera m'mutu, kodutsa pansi pa khungu mpaka m'mimba. Madzi otsala aja azitsikira m'mimba, thupi n'kumawamwa lokha.

YOHANE: Ndiye mutu ubwerera mwakale?

NAMWINO: Sindikunamizani, bambo, subwerera. Usiya kuthamanga kukula, thupi lizikula kuupeza. Akhoza kuchedwa kukhala ndi kuyenda. Alipo ambiri amene amafika poyenda n'kupita kusukulu, ena amafuna chithandizo moyo wonse. Za Tadala tiziona akamakula.

NAMBEWE: Kapaipiko kadzachotsedwa liti?

NAMWINO: Nthawi zambiri kamakhala mpaka kalekale. Koma kamatha kutsekeka kapena kulowa tizilombo. Ndiye mvetsetsani: akayamba kusanza, kutentha thupi, kugona kosadzutsika, kukomoka, liwombo likafufumanso, kapena pakafiira m'mene mwadutsa paipimo, musadikire kuti kuche. Musangoti ndi malungo n'kugula mankhwala pagolosale. Thamangani naye, ndipo mukafika nenani msanga kuti mwana ali ndi shanti.

YOHANE: Bwerezaninso, ndilembe kuchikuto kwa buku lakusikeloli.

GAWO LACHINAYI

(Kumudzi, patatha miyezi isanu. Kusinja. Nkhuku. Chikondi akubwera akulira.)

CHIKONDI: Agogo, kumjigo anzanga akuti mng'ono wanga ndi chimutu, akuti ndisamatunge nawo.

AGOGO: Wanena zimenezo ndi mwana wa yani? Pukuta misozi. Bwera undithandize kumutembenuza, wagonera mbali imodzi nthawi yaitali, angatuluke zilonda pamutu. Pinda chitenjecho, uike apa. Eya. Tsopano mugoneke chafufumimba pamphasa, umuombere m'manja kutsogoloku.

(Kuomba m'manja. Khanda likuseka.)

CHIKONDI: Agogo! Wadzutsa mutu! Amayi, bwerani, wadzutsa yekha!

NAMBEWE: (akuthamanga) Zoona? Tadala! Ayi, wagwetsanso. Koma anadzutsa, eti amayi?

AGOGO: Ndaona ndi maso angawa.

(Mapazi. Yohane akutsokomola chapatali.)

YOHANE: Odi, apongozi. Ndabwera ndi nsomba za kambuzi ndi usipa wosinjira m'phala la mwana.

AGOGO: Musaime kutali, bambo a Chikondi. Sunthirani kuno, ndili ndi mawu. (chete) Pakamwa pangapa panatuluka zoipa. Ndinakuipitsirani dzina pamudzi, ndipo mwanayu ndinamubisa miyezi iwiri madzi akuchuluka. Usiku ndikaganiza, tulo sindilipeza.

YOHANE: Zinapita, amayi. Inenso ndinathawira kunyanja.

AGOGO: Sizinapite. Ndinazinena pagulu, ndikazibweza pagulu. Lamulungu ndikaima pamaso pa amalume ake a Nambewe ndi anyakwawa. Nambewe, patse chitenje chachikulu chija.

NAMBEWE: Mukupita kuti?

AGOGO: Kumjigo. Ndibereketse mwanayu. Kweza nsaluyo ifike kunkhongo igwire mutu, koma isafinye pakapaipi. Kumaso usamuphimbe.

NAMBEWE: Nthawi ino kumakhala anthu ambiri, amayi.

AGOGO: N'chifukwa chake ndikupita panopa. Mwana wa aNagama kuseri kwa tchalitchi nayenso sakutuluka naye panja, ndamva. Akationa mwina abwera kudzafunsa. Chikondi, tenga ndowa, tsogola.

(Ndowa ikugogoda. Mapazi akutalikira. Mjigo ukulira chapatali, mawu a amayi akucheza, kenaka onse chete.)

AGOGO: (chapatali, mokweza) Mwaswera bwanji nonse? Uyu ndi Tadala, mdzukulu wanga. Lero wadzutsa mutu yekha. Ndani ali kumapeto kwa mzere?

(Mjigo ukuyambanso kulira. Nyimbo.)