Mzere wa Pakati pa Desiki

Basi ya 2 koloko inafika cha m'ma 3, ndipo isanaime n'komwe anthu anali atayamba kale kukankhana pakhomo. Pa depoti tsikulo panali posaponda phazi. Oitanira ankachita kulimbirana munthu mmodzi, wina atagwira chikwama, wina atagwira mwini wake. Mahutala, utsi wa dizilo, mwana akulira kumsana kwa mayi ake, ndi mlaliki wina amene mawu anali atamuthera koma osasiya.

Tiyamike anafika pa kawindo ka matikiti thukuta lili kamukamu. Munthu wa mkatimo sanadzutse mutu.

"Mpando 31, wa pawindo. Lembani dzina ndi nambala ya foni m'bukumu, mayi."

Tiyamike analipendeketsa bukulo monga amachitira nthawi zonse, n'kugwira bolopeni ndi dzanja lamanzere. Chigongono chake chinagunda chitsulo cha pawindo. Atamaliza anakankhira bukulo mkati, koma tikiti sinabwere. Bamboyo anali atangoti duu, maso ali pa dzanja lija.

"Pali vuto, bambo?"

"Ayi mayi. Kungoti chigongono chimenecho chinandizunza zaka 2 zathunthu."

Tiyamike anawerama kuti amuone bwino. Anali bambo wa imvi zapatalipatali, wovala magalasi omangidwa ndi kawaya mbali imodzi. Pamwamba pa nsidze yakumanja panali kachipsera. Kachipserako anakadziwa asanaidziwe nkhope: chitseko cha kalasi ya Sitandade 6 ndicho chinakasiya.

"Limbani?"

"Ndine ndemwe."

Kumbuyo kwake mzere unayamba kung'ung'udza. "Zachibalezo mukakambirane kunyumba!" anakuwa bambo wina wonyamula matiresi pamutu. Limbani anaitana mnyamata wina kuti agwireko kawindo, n'kutuluka pa kachitseko ka m'mbali. Atayang'anizana panja, onse anasowa chochita ndi manja awo. Anagwirana chanza ngati anthu okumana pa msonkhano.

"Muli bwanji, mayi?"

"Ndili bwino, kaya inu?"

"Inu" ameneyo anamveka ngati nsapato yobwereka. Anthu awiriwa anakhalapo pa desiki imodzi, wina wamanzere wina wamanja, ndipo aphunzitsi anawakhazika mosemphana moti polemba zigongono zinkangogundana. Kusinthana malo kukanathetsa zonse, koma aphunzitsi aja sankafuna mwana aziwauza zochita. Ndiye Limbani anatenga kampasi n'kukanda mzere pakati pa desiki. Wodutsa mzere ankatsinidwa. Tiyamike ankabwerera kunyumba mkono uli madonthomadontho, Limbaninso chimodzimodzi.

Anakakhala pa benchi ina pafupi ndi basi, pomwe anyamata ankalongedza katundu kunsi. Anafunsana zimene anthu amafunsana. Tiyamike anati ndi namwino, ana ali nawo 3, ndipo akupita kukaona mayi ake amene miyendo yayamba kuwavuta. Limbani anati wakhala pa mabasi zaka 19: anayamba kuitanira, kenako ukondakitala, mpaka bondo litakana ndi pomwe anamuika pa kawindo. Anatchulana mayina a anzawo a m'kalasi. Ena anali kunja, ena sankadziwika kumene ali, awiri anali atatisiya. Nkhani zitatha panatsala chete, ndipo m'chetemo munali chinthu chimene Tiyamike anali atachisunga zaka 26.

"Buku la mapu lija," anatero.

Limbani anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi malaya, ngakhale anali oyera.

Linali buku la sukulu, limodzi mwa mabuku 5 okha a mapu amene kalasi yonse inkagwiritsa ntchito. Tiyamike ndiye analisainira Lachisanu lina, ali Sitandade 7. Limbani anapempha kuti akaligonere usiku umodzi wokha. Lolemba theka la desiki linali lopanda munthu. Lachiwiri chimodzimodzi, mpaka teremu inatha.

"Ahedi anandiimika kutsogolo pa asembule," anatero Tiyamike, mawu ake ali pansipansi. "Anati ndine wakuba. Ndinakolopa makalasi sabata yonse, ndipo bambo anga analipira bukulo. Kunyumba sanandilankhule masiku angapo. Ine sindinatchule dzina lanu. Ndinkati mubwera mawa."

"Sindinadziwe."

"Mukanadziwa bwanji? Munangosowa ngati utsi."

Limbani anayang'ana basi ija, pomwe kondakitala ankakangana ndi mwini matiresi uja.

"Bambo anga anamwalira Loweruka lake," anatero. "Mwadzidzidzi, ali ku ntchito. Nyumba inali ya kampani. Titangoika maliro, amalume anabwera ndi lole usiku, katundu yense m'mwamba, ife pamwamba pa katunduyo. Bukulo linali m'chikwama changa. Ndinalipeza titafika kale. Kumene tinapitako sukulu ndinangoyambako miyezi 4, basi."

Tiyamike anatsegula pakamwa koma sanapeze mawu. Zaka zonsezi mnyamata wa m'mutu mwake ankathawa ndi buku akuseka. Sanaganizepo za mwana wokhala pamwamba pa mipando, usiku, lole ikugwedezeka.

"Ndinaliwerenga mpaka chikuto chinachoka," Limbani anapitiriza, akumwetulira pang'ono. "Linali buku lokhalo m'nyumba muja. Mitsinje, mapiri, malikulu a mayiko, zonse ndinaloweza. Ndili kondakitala anthu ankabetcherana m'basi kuti andikole. Munthu angotchula dziko, ine likulu lake pompo."

"Bodza."

"Yesani."

"Peru."

"Lima."

"Mongolia."

"Ulaanbaatar. Mwayamba ndi zophweka."

Tiyamike anaseka mpaka anagwira pamimba, ndipo posekapo chigongono chake chinamugunda Limbani m'nthiti.

"Wadutsa mzere," anatero Limbani.

"Iwe, ukangonditsina ndikuitanira apolisi!"

Anazindikira mochedwa kuti wanena "iwe". Palibe anabweza mawuwo.

Dalaivala analiza hutala kawiri. Kondakitala anayamba kumenya m'mbali mwa basi ndi chikhatho, akukuwa kuti wotsala atsale. Limbani ananyamula chikwama cha Tiyamike, n'kupita nacho yekha kunsi kwa basi akutsimphina. Anachotsa chikwama cha munthu wina pakona youma, n'kuikapo cha Tiyamike. Anyamata olongedza anangoyang'ana osanena kanthu.

"Likadalipo," anatero atabwerera. "Masamba a ku Ulaya anadyedwa ndi chiswe, koma kwina konse kuli bwino. Mwana wanga wamkazi amaligwiritsa ntchito. Dzina lako lili mkati mwa tsamba loyamba, zilembo zopendekera chammbuyo. Amandifunsa kuti Tiyamike ndi ndani."

"Umamuuza chiyani?"

"Kuti ndi mwini wake wa buku."

Tiyamike anakwera. Anapanikizana ndi anthu m'kanjira mpaka pa mpando 31, n'kukankha windo limene linatseguka theka lokha. Limbani anali pansi pake, dzanja lili pachipumi kutchinga dzuwa.

"Ndibwerera Lachinayi," anakuwa Tiyamike injini italira. "Ubwere nalo ndidzalione. Kulionako basi, usadzandipatse!"

"Ndikuimbira!"

"Nambala yanga ulibe!"

Limbani analoza kawindo ka matikiti, pomwe buku la mayina lija linali likadali chipendekere.

Basi inabwerera chammbuyo, oitanira akuimenya m'mbali, kenako inakhota kulowera ku geti. Tiyamike anasuzumira komaliza. Limbani anali atalowa kale m'kachipinda kake, mutu uli pansi, akulembera tikiti mayi wina wa ana awiri.