Ntchito zomwe ndakusiyirani ku kopaletivi

Mayi Nkhoma,

Takulandirani kuno ku Mchinji. Tsiku langa lomaliza ndi Lachisanu pa 27 June, ndiye ndati ndikulembereni zomwe zili m'manja mwanga. Makiyi a ofesi ndi a nyumba yosungira mbewu mukawapeza kwa apampando, Bambo Zulu.

Choyamba ndi ngongole ya alimi. Mamembala 38 a makalabu a ku Mkanda anapereka soya mu Meyi koma sitinawalipire. Zonse pamodzi ndi K4.2 miliyoni. Wogula wa ku Lilongwe analonjeza kumaliza kulipira pa 4 July. Chonde ndalamayo ikangolowa, alipireni sabata yomweyo, ambiri pa Airtel Money kapena Mpamba. Anthuwa anakana mavenda amene ankawaonetsa ndalama m'manja chifukwa chotikhulupirira. Tikawachedwetsa, chaka chamawa sadzatibweretseranso thumba ngakhale limodzi. Tsiku likasintha, pitani nokha mukawauze, musatume munthu.

Kugula mtedza kuli mkati, ndipo apa ndi pamene ndili ndi nkhawa. Ena amauwaza madzi kuti usavute kusenda, ena kuti ulemere pa sikelo. Mtedza woterewu umachita chuku, ndipo wogula akauyeza n'kupeza poizoni wa chukuyo amabweza galimoto yonse. Thumba lililonse liyezedwe chinyezi musanalembe risiti, ngakhale likhale la membala wa bodi. Pisani dzanja mpaka pakati, osangoona wa pamwamba. CG7 ndi Chalimbana zisasakanizidwe. Mlembi wathu Chikondi amaidziwa bwino ntchitoyi; mumuikire kumbuyo alimi akamamukalipira.

Denga la nyumba yosungira mbewu likudontha pangodya ya kumadzulo. Likonzedwe mvula isanayambe, ndipo matumba asagunde khoma kapena kukhala pansi popanda mathabwa.

Ku banki kukufunika kalata ya bodi yochotsa dzina langa n'kuikapo lanu, apo ayi simudzatha kusayina cheke. Chiphaso cha sikelo yaikulu chochokera ku Malawi Bureau of Standards chikutha mu Ogasiti. Mbewu ya soya ya Tikolore ndi inokulanti muitanitse mu Seputembala, chifukwa mukafika Novembala zimasowa.

Manambala a foni onse ali pachikuto cha buku lalikulu la zogula. Za ndalama funsani msungichuma, Mayi Tembo; sachedwa kuyankha. Za kumunda ndi alangizi a boma, Bambo Mbewe. Wa lole ndi a Daka a ku Kamwendo, koma mtengo muzigwirizana asananyamule katundu. Agulupu mukawaonekere sabata yoyamba, chifukwa malo amene tinamangapo anatipatsa ndi iwo.

Nambala yanga sindisintha. Pa 4 July ndidzakuimbirani madzulo kuti ndimve ngati ndalama ija yalowa.

Ndine wanu,
Yohane Mwale